Chikalata chokhazikitsira pulojekiti ya mjigo wa m'mudzi

Chikalata chokhazikitsira pulojekiti, chomwe ophunzira ambiri amangochitchula kuti tchata, ndi chikalata chachifupi chimene chimavomereza kuti pulojekiti iyambe, chimatchula munthu amene adzaiyendetse, ndipo chimamupatsa mphamvu zogwiritsa ntchito ndalama, anthu ndi zipangizo. M'maphunziro a kayendetsedwe ka mapulojekiti, ophunzira amapatsidwa ntchito yolemba chikalata chotere, ndipo kukumba mjigo wa m'mudzi ndi chimodzi mwa zitsanzo zimene zimagwiritsidwa ntchito. Mjigo ndi pulojekiti yaing'ono yoti ingathe m'miyezi yochepa, komabe uli ndi vuto limene mapulojekiti ena ambiri alibe: palibe angatsimikize kuti pansi pali madzi okwanira ndi abwino kufikira makina atakumba. Chifukwa cha ichi, mbali zitatu za tchata ya mjigo, zomwe ndi zolinga, mfundo zongoganizira ndi mphamvu za siponsa, zimafunika kulembedwa mogwirizana.

## Tanthauzo ndi kumene linachokera

Tanthauzo limene masukulu ambiri amatsatira ndi la m'buku la PMBOK, lofalitsidwa ndi bungwe la PMI lomwe linakhazikitsidwa ku America mu 1969. Malinga ndi bukuli, tchata imaperekedwa ndi woyambitsa pulojekiti kapena siponsa, osati ndi woyendetsa pulojekiti. Woyendetsa akhoza kuthandiza kulemba, koma sangadzipatse yekha mphamvu. Njira ya PRINCE2 ya ku Britain imagwiritsa ntchito zikalata za mayina ena, koma nayonso imafuna kuti ntchito isayambe popanda chilolezo cholembedwa cha amene ali pamwamba pa woyendetsa.

Tchata imasiyana ndi zikalata zina zimene ophunzira amazisokoneza nayo. Kalata yopempha thandizo imalembedwa ndalama zisanapezeke, ndipo cholinga chake ndi kukopa wopereka thandizo. Tchata imalembedwa chiganizo chitapangidwa kale, choncho sinyengerera munthu aliyense. Pulani ya ntchito imabwera pambuyo pa tchata, ndipo ndi imene imafotokoza ntchito ya sabata iliyonse ndi mtengo wa thumba lililonse la simenti. Mgwirizano ndi kontirakitala nawonso ndi chikalata china chapadera. Tchata ya mjigo umodzi imakwana masamba awiri kapena atatu. Ikafika masamba khumi, nthawi zambiri ndiye kuti wolemba walowetsamo zinthu za mu pulani.

## Zimene zimalembedwamo

Ngakhale aphunzitsi amapereka mafomu osiyanasiyana, tchata ya mjigo kawirikawiri imakhala ndi izi:

- dzina la pulojekiti, malo ake ndi chifukwa chake;
- zolinga ndi mmene zidzayezedwere;
- ntchito zimene zili mkati mwa pulojekiti ndi zimene zili kunja kwake;
- mfundo zongoganizira, malire ndi ziopsezo zikuluzikulu;
- masiku akuluakulu ndi bajeti yongophatikiza;
- anthu ndi magulu okhudzidwa;
- mphamvu za siponsa ndi za woyendetsa pulojekiti;
- malo osayinapo.

M'nkhani ino mwagwiritsidwa ntchito chitsanzo chongoyerekeza cha mudzi wa mabanja 48, wa anthu pafupifupi 240, m'Malawi. Anthuwo amatunga madzi pachitsime chosatetezedwa cha kudambo, mtunda wa kilomita imodzi ndi theka, ndipo chitsimecho chimauma mu Okutobala. Bungwe lina lomwe si laboma lapatula K15,000,000 yokumbira mjigo umodzi. Ndalama ndi masiku a m'chitsanzochi ndi zongothandiza kufotokoza, si mitengo ya pamsika.

## Zolinga

Cholinga cha mu tchata chimayenera kukhala choti pa tsiku lopereka mjigo, munthu akhoza kuima pamalopo n'kunena kuti chakwaniritsidwa kapena ayi. Ophunzira ambiri amalemba kuti cholinga ndi kutukula umoyo wa anthu a m'mudzi, kapena kuthetsa matenda otsekula m'mimba. Zimenezi ndi zifukwa zochitira pulojekiti, ndipo malo ake ndi m'ndime yofotokoza chifukwa. Sizingakhale zolinga chifukwa woyendetsa pulojekiti alibe mphamvu pa izo. Mjigo ukhoza kutulutsa madzi aukhondo koma ana n'kumadwalabe chifukwa cha zidebe zosatsuka kapena kusowa kwa zimbudzi.

Vuto lina ndi lolemba cholinga chochepa kwambiri, monga kukumba dzenje lakuya mamita 50. Kontirakitala akhoza kukumba mamita 50 ndendende n'kusiya dzenje louma, ndipo papepala cholingacho chikhala chakwaniritsidwa. Cholinga chabwino chimakhala pakati pa ziwirizi: chimanena za madzi amene anthu adzatunge, kuchuluka kwake, ubwino wake, malo ake ndi tsiku lake.

Kuchuluka kwa madzi kumapezeka powerengera. Ngati munthu aliyense apatsidwa malita 20 pa tsiku, anthu 240 afuna malita 4,800. Mjigo wotulutsa malita 0.25 pa sekondi umapereka malita 15 pa mphindi, omwe ndi malita 900 pa ola, choncho malita 4,800 angatungidwe m'maola asanu ndi mphindi 20 za kupopa kosalekeza. Nthawi imeneyi ikukwana bwino m'tsiku limodzi, ngakhale titawonjezapo nthawi yosinthana ndowa. Anthu akanakhala 600, kupopa kukanatenga maola oposa 13, ndipo wolemba tchata akanaona asanayambe kuti mjigo umodzi sungakwane. M'Malawi, muyezo umene umatchulidwa kawirikawiri ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu pafupifupi 250 okhala mkati mwa mamita 500.

M'chitsanzochi, zolinga zikhoza kulembedwa motere:

1. Pofika pa 31 Okutobala, mudzi ukhale ndi mjigo umodzi wa pampu ya Afridev, wosapitirira mamita 500 kuchokera pakati pa mudzi, umene poyesedwa ndi kupopa watulutsa malita osachepera 0.25 pa sekondi.
2. Madzi ake ayesedwe ku labotale, ndipo zotsatira zisonyeze kuti akukwaniritsa muyezo wa dziko wa madzi akumwa a pamjigo, anthu asanayambe kumwa.
3. Komiti ya mjigo ya anthu khumi, osachepera theka akhale amayi, iphunzitsidwe kukonza zowonongeka zing'onozing'ono, ndipo ikhale ndi thumba la ndalama zogulira zipangizo tsiku lopereka mjigo lisanafike.
4. Ntchito yonse isapitirire K15,000,000.

Cholinga chachitatu ndi chimene ophunzira amakonda kuiwala. Pampu ya Afridev inapangidwa mwanjira yoti anthu a m'mudzi azitha kusintha okha marabala ndi tizipangizo tina timene timatha msanga. Popanda komiti yodziwa kuchita zimenezi ndi ndalama zogulira, kanthu kakang'ono kotchipa kakhoza kuimitsa mjigo kwa miyezi.

Ndime ya zolinga imatsatiridwa ndi ya malire a ntchito. Mkati mwa pulojekiti muli kafukufuku wa madzi apansi, kukumba, kuika mapaipi, kuyesa madzi, kumanga simenti yozungulira mjigo, ngalande ndi dzenje lomwera madzi otayika, kuika pampu ndi kuphunzitsa komiti. Kunja kwake kuli zimbudzi, pampu ya mphamvu ya dzuwa, thanki ndi mapaipi opita m'makomo. Kutchula zakunja n'kofunika chifukwa makina akangofika m'mudzi, zopempha zimachuluka, ndipo woyendetsa amafunika pepala loti aloze poyankha.

## Mfundo zongoganizira

Mfundo yongoganizira ndi chinthu chimene olemba tchata akuchitenga ngati choona ngakhale alibe umboni wokwanira, kuti athe kuika bajeti ndi masiku. Imasiyana ndi malire, omwe ndi zinthu zodziwika kale zimene sizingasinthidwe, monga kuchuluka kwa ndalama zimene zaperekedwa. Imasiyananso ndi chiopsezo, ngakhale ziwirizi n'zapachibale: mfundo iliyonse yongoganizira ikapezeka kuti sinali yoona, imasanduka vuto, choncho iliyonse imabala chiopsezo chake. Ngati tchata yaganizira kuti madzi apezeka pasanafike mamita 60, chiopsezo chake n'chakuti dzenje likhala louma.

Mfundo yolembedwa bwino imanena zinthu zitatu kuwonjezera pa mfundoyo: amene adzaifufuze, tsiku lomaliza kuifufuza, ndi chimene chidzachitike ikapezeka yabodza. Mfundo yakuti anthu a m'mudzi adzathandiza ntchito ilibe phindu, chifukwa palibe angaitsutse kapena kuitsimikiza. Ikalembedwa kuti mudzi udzasonkhanitsa mchenga, miyala ndi njerwa pamalo pofika pa 31 Julaye, ndipo wapampando wa komiti yachitukuko ya m'mudzi adzatsimikiza, aliyense akudziwa choyang'ana.

Pa mjigo, mfundo zikuluzikulu ndi zinayi.

Madzi apansi. Tchata imaganizira kuti madzi okwanira apezeka pa kuya kwakutikwakuti. Kafukufuku woyeza nthaka ndi magetsi amachepetsa mwayi wokumba pouma, koma sathetseratu. Wophunzira amayenera kusonyeza pamene waimika ganizo lake, monga kuya kwa mijigo ya m'midzi yoyandikana, komwe angafunse ku ofesi yoona za madzi ya khonsolo ya boma. Kuya kwa dzenje si kofanana ndi kuya kwa madzi. Dzenje likhoza kufika mamita 60, koma Afridev imakweza madzi kuchokera pa kuya kosapitirira mamita pafupifupi 45, choncho tchata imaganiziranso kuti popopa madzi sadzatsika kupitirira pamenepo.

Ubwino wa madzi. Madzi akhoza kupezeka ambiri koma osamweka. M'madera ena a m'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, madzi apansi ndi amchere, ndipo pali mijigo imene anthu anaisiya chifukwa cha zimenezi. Kwina madzi amakhala ndi mchere wa fulorayidi wambiri, umene umathimbiritsa mano a ana. Tchata ya mudzi wa m'dera lotere imene sinatchule ubwino wa madzi yasiya chiopsezo chake chachikulu. Malo okumba amayeneranso kutalikirana ndi zimbudzi, makola ndi manda, ndipo mtunda wa mamita 30 ndi umene umatchulidwa kawirikawiri ngati wochepetsetsa.

Malo. Kafukufuku akhoza kuloza m'munda wa munthu. Ambiri amangoganiza kuti mfumu ikavomera nkhani yatha, koma mjigo wokumbidwa m'munda wa banja popanda mgwirizano wolembedwa umatha kusanduka wa banjalo, mpaka kumaletsa ena kutunga. Tchata imaganizira kuti mwini malo ndi mfumu adzasayina kuti malowo ndi njira yopitako zaperekedwa kwa mudzi wonse, ndipo izi zimachitika makina asanaitanidwe.

Nyengo ndi mitengo. Mvula m'Malawi imagwa kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo, ndipo galimoto yolemera ya makina okumbira imatitimira m'misewu yadothi. Kuyesa mjigo m'chilimwe kulinso ndi ubwino wakuti madzi apansi amakhala atatsika, choncho zotsatira sizinamiza monga zimachitira m'dzinja. Kumbali ya mitengo, pampu, mapaipi ndi dizilo zimadalira ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mabajeti ambiri olembedwa isanafike nthawiyo anaperewera. N'chifukwa chake tchata imanena kuti mitengo ya kontirakitala ikuganiziridwa kuti sisintha kwa masiku angati.

## Siponsa ndi mphamvu zake

Siponsa ndi munthu mmodzi amene ali ndi udindo pa pulojekiti yonse m'malo mwa bungwe lopereka ndalama. Iye ndi amene amasayina tchata, amasankha woyendetsa, amatulutsa ndalama, ndipo ndi yekha angasinthe zolinga kapena kuimitsa ntchito. Pa mjigo wa m'mudzi pali anthu ambiri olemekezeka, ndipo ophunzira amasokonezeka posankha. Mfumu ili ndi ulamuliro pa malo ndi pa anthu ake, koma siingatulutse ndalama za bungwe. Komiti ya mjigo ndi imene idzalandire mjigo, koma siilemba ntchito kontirakitala. Khonsolo ya boma ndi bungwe la NWRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la zamadzi la 2013, amaona za zilolezo ndi miyezo, koma sayendetsa pulojekitiyo. Onsewa amalembedwa m'ndime ya okhudzidwa. Funso lothandiza kupeza siponsa ndi lakuti: dzenje likakhala louma, ndani anganene kuti tikumbenso kapena tisiye, mawu ake n'kutsatiridwa ndi ndalama? M'chitsanzochi ndi mkulu wa mapulogalamu wa bungwe lija. Kulemba dzina la bungwe lokha, kapena anthu atatu pamodzi, ndi kulakwitsa, chifukwa pa tsiku la vuto aliyense adzaloza mnzake.

Mphamvu zimalembedwa ndi manambala. Mwa K15,000,000, ndalama zokwana K13,500,000 ndi za ntchito yodziwika, ndipo K1,500,000, yomwe ndi 10 peresenti, ndi yapadera yodikira zadzidzidzi. Tchata ikhoza kugawa mphamvu motere:

| Chiganizo | Woyendetsa pulojekiti | Siponsa |
|---|---|---|
| Kulipira zimene zili kale mu bajeti | Avomereza yekha | Alandira lipoti la mwezi |
| Ndalama zadzidzidzi | Mpaka K300,000 zonse pamodzi | Zopitirira pamenepo |
| Kukumba mozama kuposa mamita 60 | Mpaka mamita 10 owonjezera, ngati mtengo wake uli mkati mwa K300,000 | Zopitirira pamenepo |
| Kusiya dzenje n'kukumba pena | Apereka malangizo | Agamula |
| Kusintha tsiku lomaliza | Mpaka masiku 14 | Zopitirira pamenepo |
| Kusayina kapena kuthetsa mgwirizano ndi kontirakitala | Akonza zikalata | Asayina |

Tchata imamanganso siponsa. Makina okumbira akaima kudikira yankho, kontirakitala amalipiritsa nthawi yodikirayo kapena amasamukira ku ntchito ina, ndipo kumubweza kungatenge masabata. Choncho imalembedwa nthawi imene siponsa ayenera kuyankha, monga maola 24 pa masiku okumba, ndi amene angagamule m'malo mwake iye akachokapo.

## Mmene mbali zitatuzi zimakumanirana

Tiyerekeze kuti tchata yasayinidwa mu Meyi, kafukufuku wachitika mu Juni ndipo waloza malo awiri, kenaka makina afika mu Ogasiti. Pa mamita 60 pamalo oyamba, m'dzenje mukutuluka fumbi lonyowa chabe. Apa mfundo yoyamba yongoganizira yagwa. Woyendetsa, atamva malangizo a katswiri woyang'anira kukumba, akulola mamita 10 owonjezera popanda kufunsa wina, chifukwa mtengo wake uli mkati mwa malire ake. Pa mamita 70 madzi akupezeka, koma poyesa akutuluka malita 0.1 pa sekondi, omwe ndi malita 360 pa ola. Kuti anthu 240 apeze malita 4,800 pangafunike maola oposa 13. Cholinga choyamba sichinakwaniritsidwe, ndipo nambala ya mu tchata ndi imene yasonyeza zimenezi.

Anthu a m'mudzi ataona madzi, n'zachidziwikire kuti apempha kuti pampu iikidwe, ndipo kontirakitala agwirizana nawo kuti alandire malipiro ake. Woyendetsa alibe mphamvu yovomera, chifukwa kutero n'kutsitsa cholinga. Nkhani ikupita kwa siponsa, amene ali ndi njira zitatu: kulandira mjigo wofookawo n'kusintha cholinga molemba, kusamukira pamalo achiwiri, kapena kuimitsa ntchito.

Mtengo wa njira yachiwiri umadalira mtundu wa mgwirizano. Pali migwirizano imene kontirakitala amalipidwa pokhapokha madzi okwanira apezeka. Pamenepa dzenje louma ndi katundu wake, koma amakweza mtengo poyamba pomwe, ndipo amakopeka kunena kuti mjigo wofooka ndi wabwino. Pali ina imene amalipidwa pa mita iliyonse imene wakumba ndi ntchito iliyonse imene wagwira. Pamenepa dzenje louma limalipiridwa ndi bungwe, ndipo K1,500,000 yadzidzidzi ikhoza kusakwana dzenje lachiwiri. Tchata sifotokoza mgwirizano wonse, koma imayenera kunena mtundu umene ukuganiziridwa ndi kuchuluka kwa maenje amene bajeti ingapirire. Ikapanda kunena, mkangano wa amene alipire umayamba makina ali pamalo.

## Zolakwika zofala m'ntchito za ophunzira

Woyesa ntchito amayang'ana kwambiri ngati mbali za tchata zikugwirizana. Cholakwika chofala ndi chakuti wophunzira amadzilemba yekha ngati woyendetsa ndi siponsa yemwe, kapena amaika malo osayina a woyendetsa okha, zomwe zikutanthauza kuti palibe wapereka chilolezo. China ndi masiku osaganizira nyengo, monga kukumba mu Januwale kumudzi kopanda msewu wa tala. Chinanso ndi bajeti imene ikutchula ndalama zadzidzidzi popanda kunena amene angazitulutse, kapena mndandanda wa ziopsezo umene sukukhudzana ndi mfundo zongoganizira za patsamba lomwelo.

Popeza ntchito ya kusukulu nthawi zambiri imakhala ya mudzi wongoyerekeza, wophunzira amayenera kusiyanitsa manambala amene wapatsidwa m'funso, amene wawerengera yekha, ndi amene wangoganizira. Otsirizawa amalembedwa m'ndime ya mfundo zongoganizira, osati kubisidwa mu bajeti. Njira yosavuta yodziyesera asanapereke ntchito ndi kutenga mfundo iliyonse yongoganizira, kuyerekeza kuti yagwa, n'kufufuza mu tchata momwemo cholinga chimene chakhudzidwa ndi munthu amene ali ndi mphamvu yogamula. Pamene yankho silikupezeka ndi pamene pakufunika kulembedwanso.

## Kusintha ndi kutseka

Tchata ikasayinidwa sisinthidwa kawirikawiri. Zosintha zing'onozing'ono zimalowa mu pulani ya ntchito, ndipo tchata imakhudzidwa pokhapokha cholinga, bajeti yonse kapena siponsa wasintha. Zikatero, siponsa amasayinanso ndi kuika tsiku. Pa tsiku lopereka mjigo, zolinga zinayi zija zimawerengedwa chimodzichimodzi pamodzi ndi umboni wake, womwe ndi lipoti la kukumba ndi kuyesa kupopa, zotsatira za ku labotale, mndandanda wa mamembala a komiti amene aphunzitsidwa, ndi lipoti la ndalama. Siponsa akasayina kuti walandira, mphamvu za woyendetsa zimathera pomwepo, ndipo udindo wosamala mjigo umapita ku komiti ya m'mudzi.